Makatoni anga aima pa depoti masiku 10, ndiwalembere chiyani kuti andiyankhe zomveka?

Phiri wa Makina: Abale ndithandizeni, mutu wandiimika. Ndinaitanitsa mamota awiri a sevo ndi mahuku a makina osokera owongoka kuchokera ku Joni, makatoni awiri, yaikulu makilo 14, yaing'ono makilo 6, pa weyibilu imodzi, pepala lotumizira katundu lija. A kampani yonyamula maphukusi anatenga kwa wogulitsa pa 3 Disembala. Pa 5 thirakingi inalemba `Arrived at depot - Harare`, pa 6 inalemba `On hold`, basi kuchokera pamenepo zii. Lero ndi pa 15. Ndaimba kanayi, nthawi iliyonse amayankha munthu wina, ndipo aliyense akuti tikufufuza bambo. Ndinalemba imelo Lachinayi, palibe yankho. Mamotawo ndi a mayi wina wa ku Graniteside wosoka mayunifomu, makina ake awiri ndinawamasula kale mamota akale, ndiye angokhala, ndipo ali ndi oda ya sukulu yofunika Januwale asanatsegulire. Akundiimbira m'mawa ndi madzulo. Amene munalemberapo makampani amenewa mpaka kukuyankhani, munalemba chiyani?

Che Yusufu: Achimwene, imelo sinyamula katoni. Kwerani kombi mupite ku Msasa kapena kulikonse kumene kuli depoti yawoyo, mukaime pakauntala mpaka akupatseni katundu wanu. Ine zaka zonsezi sindinalembepo imelo.

Gift wa ku Gulf: Zimenezo ndi za kasitomu basi. Ukaona `On hold` ndiye kuti ZIMRA, bungwe lotolera msonkho kuno ku Zimbabwe, ikufuna msonkho. Funsani kuti ndi zingati, lipirani, mawa katundu atuluka.

Phiri wa Makina: Ndinafunsa za msonkho Lachitatu, mtsikana wa pafoni anati sakuona chilichonse chofunika kulipira pa kompyuta pake.

Mayi Nabanda: APhiri, tationetsani imelo munalemba Lachinayi ija. Ine ndinagwira pa desiki yofufuza katundu pa kampani ina yonyamula maphukusi zaka zingapo ndisanayambe zanga za nsalu, ndiye ndimadziwa maimelo amene timayankha ndi amene tinkangowadumpha.

Phiri wa Makina: Ndinalemba m'Chingerezi kuti katundu wanga wachedwa kwambiri, ndakhumudwa ndi kagwiridwe kanu ka ntchito, kasitomala wanga akuvutika, chonde ndiuzeni kuti ali kuti msanga. Pamutu ndinalemba kuti ndi zachangu. Nambala ya weyibilu ndinaika pansi.

Mayi Nabanda: Ndiye ndi imeneyotu. Pepani, koma imelo yotere ine ndikanaiyankha ndi mzere womwewo wa tikufufuza, chifukwa funso lakuti ali kuti limayankhika ndi zomwe zili pa sikirini, ndipo pa sikirini pali zomwe inu mukuziona kale. Komanso mu Disembala imelo iliyonse imabwera ndi mutu wakuti zachangu. Munthu wa pa desiki amasaka ndi nambala. Nambala ikhale pamutu penipeni, pamodzi ndi tsiku limene katundu anaima, chonchi:

```
Waybill 4471 0938 - On hold since 6 Dec - trace request
```

Koma musanalembe, mvetsani chinthu chimodzi chimene anthu ambiri sachidziwa. Si mzere uliwonse wa pa thirakingi umene umatanthauza kuti munthu anagwira katoni yanu ndi manja. Katundu akamachoka ku Joni amaikidwa m'thumba lalikulu kapena pa paleti, ndipo zonse zimalembedwa pa manifesiti imodzi. Galimoto ikafika kuno, nthawi zambiri amasikana thumbalo kapena kutseka manifesiti, ndiye weyibilu iliyonse yomwe ili pa mndandandawo imalandira mzere wakuti yafika, ngakhale katoniyo inatsala pakona ku Joni. Kusikana kwenikweni ndi kumene wa m'nyumba yosungira katundu amaloza makina pa bakhodi ya katoni yanu. Ndiye funso loyamba mu imelo yanu likhale lakuti, ndi liti, nthawi yanji komanso pa depoti iti pamene katoni iliyonse inasikanidwa payokha ndi munthu. Lembani kuti katoni iliyonse, chifukwa muli ndi awiri.

Phiri wa Makina: Eee, ndiye kuti mwina sanafike nkomwe ku Harare?

Mayi Nabanda: Sindikunena kuti sanafike. Ndikunena kuti mzere wa pa 5 uja sukutsimikizira kuti anafika onse. Pa tsamba la thirakingi yang'anani ngati pali pamene palembedwa `Pieces` kapena kabatani kotsegula zambiri. Makampani ena amaonetsa nambala ya katoni iliyonse. Ngati pa weyibilu pali 2 koma pa depoti anawerenga imodzi, ambiri amaimitsa zonse mpaka inzake ipezeke, makamaka ngati mapepala a kasitomu akunena makatoni awiri ndi makilo 20. Sangapereke theka pa mapepala a zonse. Masiku 10 opanda pempho la ndalama kapena la pepala lililonse, kwa ine zikununkha zimenezo kuposa msonkho.

Gift wa ku Gulf: Amayi, ine ma sikirini a foni anga anakhala masabata awiri ndipo inali nkhani ya msonkho. Nthawi zonse imakhala ya msonkho.

Mayi Nabanda: Yako inali ya msonkho, ndikuvomera, Gift. Koma iwe unalandira pepala la kuwerengera msonkho, si choncho? Katundu akagwidwa chifukwa cha kasitomu pamakhala pepala. Pamakhala nambala ya fomu yolowetsera katundu, kapena chikalata chonena ndalama zofunika, kapena pempho lakuti bweretsani invoyisi, umboni wakuti munalipira wogulitsa, kapena TIN yanu, nambala ya wokhoma msonkho imene inalowa m'malo mwa nambala ya BP ija. Mawu akuti `On hold` kampani imawagwiritsa ntchito pa zinthu zambiri: adiresi yosamveka, foni yosayankhidwa, katoni yophwanyika, akaunti ya wotumiza yomwe ili ndi ngongole. Ndiye funso lachiwiri la aPhiri likhale lakuti, amene waimitsa katunduyu ndi ZIMRA kapena ndi kampani yanu. Ngati ndi ZIMRA anditumizire pepala lake kapena nambala yake. Ngati ndi kampani andiuze chifukwa chimene chalembedwa m'kompyuta mwawo. Chifukwacho chimakhalapo, wosikana sangaimitse katundu osasankha chifukwa, kungoti ife akunja sitichiona.

Che Yusufu: Zonsezo mukanazidziwa kalekale mukanapita. Mphindi 30 pa kombi. Mukaima pamenepo amachita manyazi.

Alinafe: Pepani ndalowa mochedwa. Ngati ndi katundu wa pa basi musavutike ndi kulemba, pitani ku Roadport m'mawa mabasi a ku Joni akamafika, kondakitala amakhala ndi buku la maphukusi. Ine chikwama changa cha nsapato chinapitirira mpaka ku Mbare, ndinachipeza chili pansi pa matumba a anthu ena patatha masiku atatu.

Phiri wa Makina: Ayi achemwali, si wa pa basi, ndi kampani ya maphukusi, ya weyibilu. Bola ndikanatumiza pa basi pomwepo, bwenzi pano makina akulira.

Bambo Ngozo: Musatero aPhiri, pa basi mota ikasowa mulibe pepala lililonse lodandaulira. Ine ndiwonjezere chimodzi pa zomwe anena mayi. Kodi analipira kampaniyo ndani, inu kapena wogulitsa wa ku Joni?

Phiri wa Makina: Wogulitsa, ali ndi akaunti nawo. Ine ndinangomulipira zonse pamodzi, madola 380 katundu, mtengo wonyamulira padera.

Bambo Ngozo: Ndiye kasitomala wa kampaniyo si inu, ndi iyeyo. Inu ndinu wolandira chabe. Ine ndinaphunzira movutika ndi malamba a makina opetera. Ndinalemba maimelo asanu kuno osayankhidwa, wogulitsa wanga atalemba kamodzi kwa munthu amene amasamalira akaunti yake, tsiku lomwelo anaimba foni. Imelo yanuyo muikemo wogulitsa pa `Cc`, komanso mumuimbire kuti iyenso atsegule kafukufuku kumbali yake. Ndipo chitani lero, chifukwa mawa pa 16 Disembala ndi holide ku South Africa, ndipo mafakitale ndi mashopu ambiri a zipangizo kumeneko amatseka sabata yomwe ino mpaka Januwale. Mukazengereza mudzapeza foni ikungolira.

Phiri wa Makina: Mayo ine, holide ija ndinaiiwala. Ndikumuimbira pompano.

Mayi Nabanda: Bambo Ngozo anena zoona. Mukamuimbira mumupemphe zinthu ziwiri, kope ya weyibilu yosainidwa ndi dalaivala amene anatenga katundu, yoonetsa makatoni 2, ndi invoyisi yomwe anamatira pa katoni. Muyerekeze ndi yomwe anakutumizirani inu. Muonenso nambala yanu ya foni pa weyibilupo. Ndinaonapo phukusi likukhala sabata yathunthu chifukwa wotumiza analemba nambala ya Zimbabwe ndi +27 m'malo mwa +263, dalaivala nkulemba kuti wolandira sakupezeka.

Tsopano imelo yonse isapitirire mizere 10. Mzere woyamba nenani kuti ndinu wolandira, dzina monga lalembedwera pa weyibilu, makatoni 2, makilo 20, kuchokera ku Johannesburg, anatengedwa pa 3 Disembala. Kenako mafunso, lililonse pa mzere wake ndi nambala yake, kuti akayankha awiri nkusiya limodzi muthe kubweza kuti funso lachitatu simunayankhe. Awiri aja ndanena kale. Lachitatu, pali chimene chikufunika kwa ine kapena kwa wotumiza, pepala kapena ndalama? Lachinayi, nambala ya dandaulo langa ndi iti ndipo akuligwira ndani? Pomaliza muike tsiku ndi ola limene mukufuna yankho, monga mawa 12 koloko masana. Musalembe kuti msanga, msanga alibe tsiku. Mumatire sikirinishoti ya thirakingi, weyibilu ndi invoyisi. Nkhani ya mayi wa mayunifomu ikhale mzere umodzi, kuti ndi zipangizo za makina amene aima.

Gift wa ku Gulf: Muonjezere kuti mukapanda kuyankha ndipita kwa loya ndiponso ndiika pa Facebook. Amaopa zimenezo.

Mayi Nabanda: Ayi Gift, limenelo ndi bodza limene anthu amauzana. Kumene ndinkagwira ine, imelo ikangotchula loya tinkauzidwa kusiya kuyankha nkuitumiza kwa abwana, ndipo kumeneko inkadikira pa mzere wina wautali. Munthu amene akanadzuka pampando kukayang'ana m'khola la katundu woimitsidwa sakuigwiranso. Komanso musalembe kuti katundu wanga wasowa. Mawu amenewo amatsegula njira ya chipukuta misozi, akutumizirani fomu yoti mudzaze, pomwe inu mukufuna mamota, osati fomu. Pemphani kafukufuku ndi kuti wina akayang'ane ndi maso pa depoti.

Bambo Ngozo: Koma fomuyo isanyozedwe, mayi. Kuseri kwa weyibilu kapena pa malamulo awo pamakhala masiku owerengeka oti munthu adandaule, akadutsa basi. Ndipo ngati wotumiza sanalipire inshuwalansi, zomwe amabweza amawerengera pa kilo, osati pa mtengo wa katundu. APhiri awerenge masikuwo lero kuti asadzadzidzimuke mu Januwale.

Mayi Nabanda: Awerenge inde. Ine ndikungoti asayambire pamenepo.

Che Yusufu: Mizere 10, mafunso anayi, makope atatu. Nthawi yonseyo mukanakhala mwafika, mwabwerako. Ine chaka chatha injini ya ovaloko yanga inaima masiku 6. Ndinapita ndi mwana wanga, ndinauza mlonda kuti sindichoka. Kapitawo anatuluka, tinalowa limodzi, katoni inali pansi pa shelefu, chizindikiro chitang'ambika theka. Imelo ikanaiona bwanji?

Mayi Nabanda: Che Yusufu, nkhani yanu ikugwirizana ndi yanga, bakhodi inang'ambika ndiye sinasikanidwe. Kupita sindikukana. Koma apite ali ndi nambala ya dandaulo ndi dzina la munthu. Mukapita chimanjamanja, wa pakauntala atsegula sikirini yomweyo nkukuuzani zomwezo, ndipo ngati katundu ali m'manja mwa kasitomu, kapitawo alibe mphamvu yokupatsani ngakhale mutagona pageti. Nthawi zina katundu wotero sakhala nkomwe pa depoti ya m'tauni, amakhala kosungira kwa ku bwalo la ndege kapena kwina kumene amayendera a ZIMRA. Mwaononga tsiku la ntchito ndi ndalama ya kombi.

Che Yusufu: Tsiku limodzi kapena masiku 10, chachikulu nchiti?

Alinafe: Chenjezo langa ndi lina. Mukayamba kufunsafunsa chonchi, samalani ndi mauthenga a pa foni onena kuti phukusi lanu laimitsidwa, lipirani madola atatu pa linki iyi kapena pa EcoCash ya munthu. Mlamu wanga analowetsa nambala za khadi pa linki yotero akudikira phukusi lenileni, anaganiza kuti ndi lomwelo. Anamudyera zonse zinali mu akaunti.

Bambo Ngozo: Zoona. Ndalama iliyonse ipite pa akaunti ya kampani kapena pakauntala, ndi lisiti. Ngati akuti ndi msonkho, pemphani pepala la ZIMRA loonetsa ndalamayo, musangovomera nambala yonenedwa pa foni. Ndipo wina akakuuzani kuti tipangitse invoyisi ina yotsika mtengo kuti zituluke msanga, kanani. Ya pa katoni ikasiyana ndi yomwe mwapereka, masiku 10 aja asanduka mwezi, mwinanso chindapusa pamwamba.

Phiri wa Makina: Ndalankhula ndi wa ku Joni. Wanditumizira weyibilu, yasainidwa makatoni 2, foni yanga ndi yolondola. Koma invoyisi yomwe anamatira yangolembedwa `Machine parts` mzere umodzi, pomwe yanga ili ndi mamota ndi mahuku padera ndi mitengo yake. Akuti mnyamata wa m'sitolo ndiye analemba.

Gift wa ku Gulf: Mwaona! Ndinanena ine kuti ndi kasitomu.

Mayi Nabanda: Zikhoza kutheka, Gift, apa ndikupatsa. Mawu ngati amenewo samuthandiza wokonza mapepala kusankha khodi ya msonkho, makina ake ati, zipangizo zanji, zingati. Koma zikanakhala zokhazo, bwenzi atapempha invoyisi yomveka pa 8 pomwe, pokhapokha ngati anapempha kwa wotumiza ndipo imeloyo ikugona m'bokosi la mnyamata wa m'sitoloyo. Muuzeni ayang'ane, ndi mu `Spam` momwe. APhiri, mu imelo yanu mumatire invoyisi yatsatanetsataneyo ndipo munene poyera kuti iyi ndi yofotokoza bwino katundu yemweyo, mtengo wonse sunasinthe. Onetsetsani kaye kuti mtengo wonse ndi wofananadi pa ziwirizo.

Phiri wa Makina: Ndi wofanana. Ndatumiza 2:40 masana, mafunso anayi, wogulitsa pa `Cc`, ndapempha yankho mawa 12 koloko.

Bambo Ngozo: Funsaninso ngati akuwerengera ndalama yosungira katundu ndipo kuyambira tsiku liti. Ena amayamba kuwerengera patadutsa masiku ochepa, ndipo amafuna mulipire musanatenge. Ngati kuchedwa ndi kwawo, mukhale ndi zolembedwa zokanira. Kumbukiraninso kuti pa 22 ndi Tsiku la Umodzi kuno, Lolemba, kenako Khirisimasi. Zikapanda kutuluka pofika Lachisanu, sabata yamawa ili ndi masiku awiri okha ogwira ntchito Khirisimasi isanafike.

Phiri wa Makina: Ayankha 4:15. Andipatsa nambala ya dandaulo ndi dzina la mayi wina. Pa funso loyamba akuti katoni `1/2` inasikanidwa ku Harare pa 6 Disembala 09:12, ya `2/2` inasikanidwa komaliza ku Johannesburg pa 4. Funso lachiwiri sanayankhe. Lachitatu akuti atiuza.

Mayi Nabanda: Basi, tsopano muli ndi chogwira. Bwezani pa imelo yomweyo, musayambe ina, nambala ya dandaulo ikhale pamutu. Funsani ngati depoti ya ku Johannesburg yayang'ana `2/2` ndi maso, ndiponso ngati ikwera galimoto iti, tsiku liti. Bwerezani funso lachiwiri. Muwafotokozere maonekedwe a katoniyo, kukula kwake, mtundu wa tepi, zolembedwa m'mbali, wogulitsa akudziwa. Ngati chizindikiro chinachoka, amaipeza ndi maonekedwe. Kodi `1/2` ndi iti, ya makilo 14 kapena ya 6?

Phiri wa Makina: Sananene. Ikakhala ya 14 ndiye mamota ali kuno, mahuku angadikire. Angandipatse imodziyo?

Mayi Nabanda: Funsani, koma musadalire. Zimatengera mmene mapepala a kasitomu analowetsedwera. Akavomera, musasaine ngati mwalandira zonse. Lembani ndi dzanja pa pepala lolandirira kuti mwalandira katoni imodzi mwa awiri, mujambule pepalalo ndi foni dalaivala asanachoke. Mukangosaina chabe, kompyuta ilemba `Delivered` pa weyibilu yonse ndipo inayo mudzaivutikira.

Bambo Ngozo: Ine sindingalandire theka. Ukalandira imodzi, changu chawo chimatha.

Che Yusufu: Ndiye katoni imodzi ili ku Harare kuno masiku onsewa, ndipo mwini wake ali pa foni. Mawa 8 koloko mukhale pageti, achimwene, muone nokha ngati ndi yaikulu kapena yaing'ono. Funso limenelo silifuna imelo.

Phiri wa Makina: Mwina nditero mawa, nditenge nambala ya dandauloyo. Pakadali pano ndibwezera mota yakale ya kilatchi pa makina amodzi kuti mayi aja asokeko. Ili ndi phokoso koma ikuzungulira.

Gift wa ku Gulf: APhiri, mota yakale inayo mukugulitsa? Pali telala wina ku Mufakose akufuna.

Alinafe: Amene akudziwa wopita ku Blantyre kudzera ku Nyamapanda sabata ino andiuze, ndili ndi kaphukusi ka amayi, makilo atatu okha.

Che Yusufu: Mphwanga akunyamuka Lachinayi m'mawa. Mubweretse ku Mbare Lachitatu dzuwa lisanalowe, mulembe dzina mbali zonse.